Momwe mungapezere apulinki yodzaza powerenga magilafu a swichi ya mu ofesi

Anthu mu ofesi akamadandaula kuti netiweki ikuchedwa, choyamba kunamiziridwa ndi intaneti. Koma nthawi zambiri vuto limakhala pafupi, pa chingwe chimodzi chomwe chimalumikiza swichi ya nyumba ina ku swichi yayikulu komwe kuli seva ndi rauta. Chingwe chimenechi ndi poti yake ndizo apulinki. Makompyuta onse a pa swichi yaing'onoyo amadutsira pomwepo, ndiye chikadzaza aliyense amavutika ngakhale intaneti ili bwinobwino.

Tiyeni tiyende ndi chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze kuti mukuyang'anira netiweki ya pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Nyumba yayikulu ili ndi seva ya malipiro, makina osungira zithunzi za makamera ndiponso rauta. Kutsidya kwa bwalo kuli nyumba ya akalaliki, komwe kuli swichi ya mapoti 24 yokhala ndi makompyuta angapo, pulinta ndi makamera 8 oyang'ana ku sikelo ndi ku geti. Nyumba ziwirizi zalumikizidwa ndi chingwe chimodzi cha kopa chodutsa m'paipi pansi pa nthaka. M'mawa uliwonse cha m'ma 8 koloko akalaliki amabwera ndi mawu omwewo: “Achimwene, pulogalamu ya malipiro yaumanso, tikadina sikuyankha.” Ikamakwana 9 koloko zonse zimabwerera mwakale.

Choyamba, dziwani poti ndi liwiro lake lenileni

Musanatsegule gilafu, tsimikizani kuti apulinki ili pa poti iti. Musadalire pepala lomwe wina anamata pa kabati zaka zapitazo. Pitani pa swichiyo, tsatani chingwe ndi dzanja, kapena muone pa tsamba la LLDP ngati swichi yanu ili nalo, chifukwa limaonetsa dzina la swichi yomwe ili kutsidya kwa poti iliyonse. Mukaipeza, ilembeni dzina mu swichi momwemo kuti dzinalo lizituluka pa gilafu. M'chitsanzo chathu ndi poti 24.

Kenako funsani swichi kuti potiyo ikuyenda pa liwiro lanji panopa. Apa mpomwe ambiri amalumpha, pomwe nkhani yonse yagona pamenepa. Pa bokosi palembedwa kuti swichi ndi ya gigabiti, koma liwiro lomwe mapoti awiri agwirizana akalumikizidwa likhoza kutsika. Gigabiti pa kopa imafuna mawaya onse 8 a m'chingwe, pomwe 100 Mbps imangofuna mawaya anayi. Waya mmodzi akaduka kapena akachita dzimbiri ku pulagi, maswichi ambiri amangotsikira pa 100 Mbps mwakachetechete, nyali n'kumayakabe. Ngati SNMP, njira yofunsira swichi manambala ake kudzera pa netiweki, ndi yotsegula pa swichiyo, funsani motere kuchokera pa kompyuta yomwe ili ndi pulogalamu ya Net-SNMP:

```
snmpwalk -v2c -c chinsinsi 192.168.10.2 IF-MIB::ifName
snmpget -v2c -c chinsinsi 192.168.10.2 IF-MIB::ifHighSpeed.24
```

M'malo mwa `chinsinsi` muike mawu achinsinsi a SNMP omwe munaika pa swichi yanu, ndipo pomwe pali `192.168.10.2` muike adiresi ya swichiyo. Lamulo loyambalo likuonetsani nambala yomwe swichi imaitanira poti iliyonse, popeza si nthawi zonse pomwe poti 24 imakhala nambala 24 mu SNMP; ikasiyana, muike nambala yomwe mwapezayo paliponse pomwe pali `.24`. Lachiwiri limayankha m'ma Mbps: 1000 ndi gigabiti, 100 ndi liwiro lotsika lija. Pa swichi ya Cisco, `show interfaces status` imakupatsani zomwezi pa mzere umodzi. Ku nyumba ya akalaliki kuja yankho labwera 100. Lembani nambala imeneyi penapake, chifukwa gilafu yoonetsa 97 Mbps pa poti ya gigabiti ndi msewu wopanda magalimoto, koma 97 yomweyo pa poti ya 100 ndiye kuti padzaza.

Chachiwiri, mvetsani zomwe mzere wa pa gilafu ukuwerenga

Mu SNMP, swichi sikuuzani kuchuluka kwa zomwe zikudutsa pa sekondi. Imangosunga kaunta ya mabaiti onse omwe alowa ndi omwe atuluka pa poti iliyonse chiyakireni. Mapulogalamu ojambula magilafu monga MRTG, Cacti ndi LibreNMS amabwera kudzawerenga kauntayo, kawirikawiri mphindi zisanu zilizonse, n'kuchotsera zomwe anapeza ulendo wapitawo. Masamu ake ndi awa:

```
bps = (kuwerenga2 - kuwerenga1) * 8 / masekondi
```

Mukhoza kuchita nokha ndi dzanja, ndipo ndi bwino kutero kamodzi kuti muone ngati gilafu ikunena zoona. Werengani `IF-MIB::ifHCOutOctets.24`, dikirani masekondi 60, werenganinso. Tinene kuti kusiyana kwake ndi mabaiti 727,500,000. Kuchulukitsa ndi 8 kukupatsa mabiti 5,820,000,000, ndipo kugawa ndi 60 kukupatsa 97,000,000, kutanthauza 97 Mbps.

Nambala 8 ija ndi yomwe imasokoneza anthu. Magilafu ena amaonetsa mabaiti pa sekondi, osati mabiti, ndipo MRTG imatero ngati simunaiuze zina. Poti ya 100 Mbps yodzaza idzaoneka pa gilafu yotero ngati 12 M basi, inu n'kumati mpata ulipo wambiri. Werengani zolembedwa m'mbali mwa gilafu muone ngati pali `bits` kapena `bytes`.

Chinanso ndi mbali. Gilafu imakhala ndi mizere iwiri, `In` ndi `Out`, ndipo mawuwa amanenedwa kuchokera pa poti ya swichi yomwe mukuyang'anayo. Pa poti 24 ya nyumba ya akalaliki, `Out` ndi zomwe zikuchoka kwa akalaliki kupita ku nyumba yayikulu. Mukatsegula gilafu ya chingwe chomwecho kuchokera ku swichi yayikulu, zomwezo zidzaoneka ngati `In`. Mizere iwiriyi musaiphatikize. Mbali iliyonse ili ndi 100 Mbps yakeyake, choncho 60 yolowa ndi 50 yotuluka sikudzaza, pomwe 97 yotuluka ndi 5 yolowa ndi kudzaza kotheratu.

Chachitatu, tsegulani gilafu ya tsiku limodzi, osati ya mwezi

Mapulogalamuwa amasunga malo posakaniza manambala akale. Mu MRTG, ndi m'ena ambiri otengera kachitidwe kake, gilafu ya tsiku imaonetsa mphindi zisanu zisanu, ya sabata imasakaniza mphindi 30, ya mwezi maola awiri, ya chaka tsiku lathunthu. Ola limodzi lodzaza likasakanizidwa ndi ola lopanda anthu limatsika n'kuoneka ngati kachulu wamba. Ndiye tsegulani maola 24 apitawa, kapena muchepetse kufika pa 6 koloko mpaka 12 koloko ya tsiku lomwe anthu anadandaula. Gilafu ya sabata ili ndi ntchito yake, yoonetsa ngati vutolo limabwera tsiku lililonse nthawi yofanana, koma muiwerenge ndi mzere wa `Max` ngati ulipo.

Onaninso wotchi. Maseva ambiri ojambula magilafu amasiyidwa pa nthawi ya UTC, pomwe nthawi ya kuno ili patsogolo ndi maola awiri. Mukaona phiri pa 6 koloko m'mawa pomwe mu ofesi munalibe munthu, n'kutheka kuti ndi 8 koloko yomwe akalaliki akunena ija.

Tsopano yang'anani maonekedwe a mzerewo, osati kutalika kwake kokha. Poti yokhala ndi mpata imajambula mano okwera ndi kutsika, chifukwa anthu sagwira ntchito mofanana mphindi iliyonse. Poti yodzaza imakwera n'kukafika pena pake, kenako n'kuyenda chosalala pamwamba ngati munda wa tiyi wothyoledwa bwino. Kusalala kumeneko sikutanthauza kuti makompyuta angopangana kutumiza zofanana. Kukutanthauza kuti akufuna kutumiza zambiri koma chingwe chakana.

Denga limeneli silifika pa 100 yeniyeni. Pakati pa mafulemu a Ethernet pamakhala kampata ndi timabaiti toyambira zomwe kaunta siwerenga, zokwana mabaiti 20 pa fulemu iliyonse. Pa mafulemu akuluakulu a mabaiti 1518, chapamwamba chomwe mungaone ndi pafupifupi 98.7 Mbps, ndipo mapaketi ang'onoang'ono akachuluka dengalo limatsikirapo. Choncho mzere wosalala pa 95 kapena 97 musaudikirire kuti ufike 100. Wafika kale.

Pa gilafu ya poti 24 m'chitsanzo chathu, mzere wa `Out` umakhala pa 32 Mbps usiku ndi usana, chifukwa makamera 8 aja aliyense akutumiza 4 Mbps ku makina osungira zithunzi. Itangokwana 8 koloko umakwera molunjika kufika pa 97, n'kukhala pomwepo pafupifupi ola lathunthu, kenako n'kugwa kubwerera pa 32 ndi timano tapamwamba. Mzere wa `In` sudutsa 10 Mbps tsiku lonse. Apa mwadziwa kale zinthu ziwiri: kudzaza kuli mbali yopita ku nyumba yayikulu, ndipo si anthu okopera zinthu pa intaneti, chifukwa zokopera zikanaoneka pa `In`.

Chachinayi, tsimikizani ndi mapaketi otayidwa

Gilafu ya mabiti yokha siyokwanira kuweruza mlandu. Umboni weniweni uli pa kaunta ya mapaketi omwe swichi yataya. Mapaketi akafika ambiri kuposa omwe apulinki ingatulutse, swichi imawasunga kaye m'kamemole kochepa kodikiriramo. Kakadzaza, obwera pambuyo amangotayidwa. Kutaya kumeneku kumachitika pa swichi yomwe ikutumiza, pa mbali yotulukira. Ndiye ngati chodzaza ndi `Out` ya swichi ya akalaliki, mukafufuze pa swichi ya akalaliki pomwepo. Ku swichi yayikulu simukapeza kanthu, chifukwa iyo ikungolandira zomwe zakwanitsa kudutsa.

```
snmpget -v2c -c chinsinsi 192.168.10.2 IF-MIB::ifOutDiscards.24
snmpget -v2c -c chinsinsi 192.168.10.2 IF-MIB::ifInErrors.24
```

Nambala yomwe yatuluka payokha ilibe tanthauzo, chifukwa yakhala ikuunjikana chiyakireni swichi. Chofunika n'chakuti ikukwera liti. Iwerengeni 7 koloko kawiri motalikitsa mphindi imodzi, mudzabwerezenso cha m'ma 8:15. Ngati m'mawa inali itaima koma tsopano ikukwera mphindi iliyonse, ndipo nthawiyo ikugwirizana ndi kusalala kwa gilafu, mwaipeza apulinki yodzaza. LibreNMS ndi Cacti zimatha kujambula kaunta imeneyi, ndipo ndi bwino gilafu yake izikhala pansi penipeni pa ya mabiti kuti maso azifananiza nthawi mosavuta. Pa Cisco, `show interfaces` imaonetsa zomwezi pa mawu oti `Total output drops`.

Musasokoneze zotayidwa ndi zolakwika. Kaunta yachiwiri ija, pamodzi ndi `CRC` ya pa Cisco, imakwera mafulemu akamafika owonongeka, ndipo zimenezo zimaloza ku chingwe, pulagi kapena kusagwirizana kwa `duplex`, osati ku kuchuluka kwa katundu. Poti ikhoza kukhala pa 20 Mbps yokha koma anthu n'kumalira chifukwa cha zolakwika. Ikhozanso kukhala yodzaza popanda cholakwika ngakhale chimodzi.

Maswichi ena otchipa amasiya `ifOutDiscards` pa 0 ngakhale akutaya. Zikatero yesani ndi `ping` kuchokera pa kompyuta ya ku nyumba ya akalaliki kupita ku seva, muisiye ikuyenda kuyambira 7:50. Mkati mwa ofesi yankho limabwera mosakwana milisekondi imodzi kapena iwiri. Mukaona manambala akwera kwambiri itakwana 8 koloko ndipo mayankho ena sakubwera, ndiye kuti mapaketi ali pa mzere wodikira. Izi ndi zomwe zikuumitsa pulogalamu ya malipiro ija. Iyo sifuna malo ambiri, koma kapaketi kake kamodzi kakatayidwa imayenera kudikira kuti katumizidwenso, ndipo kalaliki amaona kompyuta itangoti zii.

Pomwe gilafu imanama

Pali njira zitatu zomwe gilafu ingakusocheretseni, ndipo yoyamba ndi yomwe imandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa imabisa vuto lenileni. Kadontho kalikonse ndi avereji ya mphindi zisanu. Poti ikadzaza pa 100 kwa mphindi imodzi, n'kukhala pa 25 kwa mphindi zinayi zotsalazo, gilafu idzalemba 40 Mbps. Inu mudzati zonse zili bwino, pomwe m'mphindi imodzi ija mapaketi anatayika. Chizindikiro chake ndi zotayidwa zomwe zikukwera pomwe gilafu ili pakatikati. Mukaona zimenezi, werengani kaunta ndi dzanja masekondi 10 aliwonse pa nthawi ya vutolo n'kuwerengera ndi masamu aja, kapena pa Cisco ikani `load-interval 30` pa potiyo kuti `show interfaces` izionetsa avereji ya masekondi 30 m'malo mwa mphindi zisanu.

Yachiwiri imapanga denga labodza. Makaunta akale, `ifInOctets` ndi `ifOutOctets`, ndi a mabiti 32, ndipo akafika pa mabaiti 4,294,967,295 amayambiranso pa 0. Pa 100 Mbps zimatenga mphindi zosakwana 6 kuti azungulire, pa gigabiti masekondi 34 okha. Pulogalamu yowerenga mphindi zisanu zilizonse singaonetse choposa pafupifupi 114 Mbps ndi makaunta amenewa. Ndiye mukaona poti ya gigabiti yomwe gilafu yake imangodumphadumpha pansi pa 114 osadutsapo, musathamangire kunena kuti yadzaza kapenanso kuti ili ndi mpata. Sinthani gilafuyo iziwerenga `ifHCInOctets` ndi `ifHCOutOctets`, omwe ndi a mabiti 64. Awa amafuna SNMP v2c kapena v3, v1 sawanyamula.

Yachitatu tonse kuno timaidziwa. Magetsi akathima, swichi ikayakanso pa jenereta, makaunta amayambira pa 0, ndipo pulogalamu ina imajambula kamzere kamodzi kosongoka kopitirira liwiro la potiyo. Kameneko kasiyeni. Koma mipata yopanda kanthu pa gilafu muiyang'anitsitse: ngati ikugwa nthawi yomwe anthu akudandaula pomwe magetsi analipo, n'kutheka kuti mayankho a SNMP nawonso akutayika pa apulinki yodzazayo, popeza amadutsa pa chingwe chomwecho.

Chachisanu, pezani yemwe akudzaza

Zomwe zikutuluka pa apulinki zinalowera pa mapoti ena a swichi yomweyo. Choncho tsegulani magilafu a mapoti onse 23 otsalawo pa nthawi yomweyo ija, muziyang'ana mzere wa `In` womwe ukukwera ndi kugwa limodzi ndi `Out` ya poti 24. Chikanakhala kuti chodzaza ndi `In` ya apulinki, mukanafufuza `Out` ya mapoti enawo.

M'chitsanzo chathu mapoti 8 a makamera ali pa 4 Mbps aliyense, osasuntha. Poti 11 ndi yomwe ikukwera 8 koloko kufika pa 65 Mbps, n'kugwa 9 koloko itangodutsa. Phatikizani 32 ndi 65, mupeza 97 yathu ija. Manambala akagwirizana chonchi simukufunikanso kuganizira. Tsatani chingwe cha poti 11, kapena muone adiresi ya MAC yomwe swichi yaphunzira pa potiyo, ndipo mupeza kuti ndi kompyuta ya akauntanti. Inaikidwa kuti izikopera mafayilo ake ku seva usiku, koma popeza kompyutayo imathimitsidwa anthu akamaweruka, ntchito yophonyedwayo imayamba m'mawa ikangoyatsidwa. Mafayilowo ndi okwana 30 GB, omwe ndi mamegabiti 240,000. Kugawa ndi 65 kukupatsa masekondi pafupifupi 3,700, lomwe ndi ola limodzi ndi kakusefukira pang'ono, ndendende m'lifupi mwa kusalala kwa pa gilafu.

Zindikirani kuti 65 si yomwe kompyutayo ikufuna. Poti yake ndi ya gigabiti, ndipo ikanatumiza zoposa pamenepo. Ikuoneka 65 chifukwa TCP imabwerera m'mbuyo ikaona mapaketi akutayika, kenako n'kuyesanso kukwera. N'chifukwa chake gilafu ya poti yodzaza singakuuzeni kuti pakufunika liwiro lochuluka bwanji. Imangokuuzani kuti lomwe lilipolo latha.

Samalani ndi chingwe chopita ku rauta. Poti yake ikhoza kukhala ya gigabiti, koma ngati munagula 20 Mbps kwa okupatsani intaneti, mzere udzasalala pa 20, ndipo swichi sidzaonetsa chotayidwa chilichonse chifukwa kutayako kukuchitika kutsogolo. Pamenepo denga lofananizira ndi la mu mgwirizano wanu, osati la `ifHighSpeed`.

Chomaliza, konzani n'kubwereranso ku gilafu

Pano pali zokonza ziwiri. Yofulumira ndi kusuntha nthawi yokopera ija ikhale 12 koloko anthu ali ku nkhomaliro, kapena kuichepetsera liwiro mu pulogalamu yake. Yeniyeni ndi kubwezeretsa gigabiti. Yambani ndi zotchipa: onani ngati wina sanakhomerere `speed 100` pa poti ya mbali imodzi, sinthani tizingwe tatifupi ta m'kabati, mangani mapulagi atsopano mbali zonse, kenako yezani chingwe chachitalicho ndi tesita muone ngati mawaya onse 8 akuyankha. Chingwe cha m'nyumba chikakhala m'paipi yomwe imadzaza madzi nthawi ya dzinja, ndi mvula ya kuno, sichikhalitsa. Kumbukiraninso kuti kopa malire ake ndi mamita 100. Ngati mukukumba kuti musinthe, ine ndingaike faiba, chifukwa kopa wolumikiza nyumba ziwiri amatha kunyamula mphamvu ya mphenzi n'kuotcha mapoti mbali zonse.

Ena amaganiza zoika zingwe ziwiri n'kuzimanga pamodzi ndi LACP. Zimathandiza pakakhala makompyuta ambiri otumiza nthawi imodzi, koma kukopera kumodzi kochokera pa kompyuta imodzi kupita ku seva imodzi kumayenda pa chingwe chimodzi chokha. Ngati muli nazo kale, muziwerenga gilafu ya chingwe chilichonse pachokha, chifukwa yophatikiza ikhoza kuonetsa theka pomwe chimodzi chadzaza china chili chopanda kanthu.

Mukakonza, funsaninso `ifHighSpeed` muone ngati ikuyankha 1000. Mu MRTG musinthenso `MaxBytes` ya potiyo kuchoka pa 12500000 kufika pa 125000000, apo ayi pulogalamuyo izikana manambala opitirira malire akalewo, ndipo tsimikizani kuti gilafu ikuwerenga makaunta a mabiti 64, popeza tsopano mwalowa m'liwiro lomwe akale aja sangakwanitse. M'mawa wotsatira tsegulani gilafu ya 6 koloko mpaka 12 koloko. M'malo mwa ola losalala muyenera kuona phiri lalitali koma lalifupi m'mbali, la mphindi zochepa malinga ndi liwiro la madisiki, ndipo `ifOutDiscards` ikhale itaima kapena ikungosuntha pang'ono. Ngati ikukwerabe kwambiri pa nthawi ya phirilo, ndiye kuti kukoperako kukudzazanso gigabitiyo kwa timasekondi, ndipo muchepetse liwiro lake mu pulogalamu, mwachitsanzo pa 300 Mbps, kuti makamera ndi malipiro azipeza podutsa.